Yezani duwa la chitenje musanaliike pa chithunzi cha diresi

Ambiri amene amajambula diresi pa kompyuta asanapite kwa telala amangopanikiza chithunzi chonse cha chitenje m'kati mwa diresiyo. Maluwa a pa nsaluyo amasanduka timadontho, kapena amatalika ngati akokedwa. Diresi ikasokedwa, mwiniwake amadabwa poona kuti si imene anavomereza ija, koma nsalu yadulidwa kale.

Mankhwala ake ndi kuyeza. Yalani chitenje pansi ndipo pochijambula foni ikhale pamwamba penipeni, chifukwa ikapendekeka maluwa amapotoka. Kenako yezani ndi tepi kuchokera pakati pa duwa limodzi kufika pakati pa linzake lofanana nalo.

Tinene kuti mwapeza masentimita 30, ndipo diresi yeniyeni ndi yotalika masentimita 120 kuchokera paphewa. Ndiye kuti maluwa anayi okha ndi amene angakwane kuchokera pamwamba mpaka pansi. Ngati diresi ya pa chithunzi ndi yotalika masentimita 20, yachepetsedwa kasanu ndi kamodzi, choncho maluwawo atalikirane masentimita 5. Mukawerenga maluwa khumi, dziwani kuti mwawachepetsa mopitirira.

Pokulitsa kapena pochepetsa chithunzi, kokani pakona ndipo onetsetsani kuti mulitali ndi mulifupi mukusintha limodzi. Yang'anitsitsani chilichonse chozungulira pa nsaluyo: chikaoneka ngati dzira, chithunzi chakokeka. Chikaperewera kufika m'munsi mwa diresi, musachitambasule. Chibwerezeni, ndipo polumikiza maluwa akumane monga amakumanira pa nsalu yeniyeni.