Kukiya mafomula mu Excel: kalaliki alembe zake, masamu asasokonekere

Fomula ikafufutika pa tsamba la Excel, kompyuta sichenjeza munthu. Pamene panali fomula pamatsala nambala yooneka ngati inzake, ndipo tsamba limapitiriza kuoneka bwinobwino kwa masabata, mpaka tsiku limene ndalama za m'kabati zakana kugwirizana ndi za pa kompyuta. Zikatero anthu amayamba kulozana zala, pomwe nthawi zambiri palibe amene waba. Wina anangolemba nambala pamalo pamene sipankayenera kulembedwa kanthu.

Tiyerekeze ndi sitolo ya magolosale imene ili ndi fayilo imodzi yowerengera katundu, yomwe makalaliki awiri amalembamo mosinthana. Mu kolamu A muli mayina a katundu, mu B zotsala dzulo, mu C zimene zalandiridwa lero, mu D zimene zagulitsidwa. Kolamu E ndi ya zotsala, F ndi ya mtengo, G ndi ya ndalama zolowa. Shuga ali pa mzere 7, choncho mu E7 ndi mu G7 muli mafomula awa:

```
=B7+C7-D7
=D7*F7
```

Dzulo kunatsala mapaketi 40, lero kwabwera 20, ndipo agulitsidwa 35. E7 ikuonetsa 25. Madzulo kalaliki akuwerenga pa shelefu n'kupeza 23. Iye ndi munthu wachilungamo, akufuna kuti pa kompyuta palembedwe zimene waona ndi maso, ndiye akudina pa E7 n'kulemba 23. Fomula yapita. Mapaketi awiri osowa aja abisika, sadzafunsidwanso. Mawa lake akulemba 23 mu B7 ndi 10 mu D7. Zotsala zimayenera kukhala 13, koma E7 yangoti zii pa 23, ndipo mwini sitolo akuganiza kuti shuga adakalipo wambiri, saitanitsa wina.

Njira yodziwira ngati zoterezi zinachitika kale ilipo. Mukadina pa kabokosi n'kuyang'ana pa kamzere kapamwamba kamene kamaonetsa zimene zili m'kati mwake, fomula imayamba ndi chizindikiro cha =, pamene nambala yolembedwa pamanja imangoima yokha. Kuti muone tsamba lonse nthawi imodzi, pitani pa Formulas mudine Show Formulas. Kolamu E yonse idzaonetsa mafomula otsatizana, ndipo 23 uja adzaonekera poyera pakati pawo. Chitani zimenezi musanakiye chilichonse, chifukwa kukiya tsamba lowonongeka kale n'kusunga cholakwacho.

Chimene chimasokoneza anthu ambiri n'chakuti mu Excel kabokosi kalikonse kamabwera kali kochongedwa kale kuti Locked. Mungathe kudzionera nokha: dinani Ctrl+1, pitani pa Protection, mudzapeza chizindikirocho chilipo. Koma sichigwira ntchito mpaka mutateteza tsamba lonse. Zili ngati loko amene wakolowekedwa pa chitseko chilichonse koma sanatsekedwe: mukadina Protect Sheet, maloko onse amatsekeka nthawi imodzi. N'chifukwa chake munthu amene amathamangira ku Protect Sheet amadabwa m'mawa makalaliki akudandaula kuti palibe pamene pakulembeka, ndipo chifukwa chotopa ndi madandaulowo amachotsa chitetezo chonse. Ntchito yeniyeni ndi yotsekula timabokosi tochepa timene anthu ayenera kulembamo, kenako n'kukiya zotsala zonse.

Pa tsamba la sitolo lija, tinene kuti katundu akuyambira pa mzere 5 mpaka 104. Sankhani B5 mpaka D104, dinani Ctrl+1, pitani pa Protection, chotsani chizindikiro cha pa Locked, mudine OK. Timabokosi timeneti tipatseni mtundu wake, mwina wachikasu chosawala kwambiri, kuti kalaliki watsopano adziwe popanda kufunsa kuti malo ake ndi amenewa. Kolamu ya mtengo isiyeni yokiyidwa ngati mitengo amasintha ndi mwini sitolo yekha. Mukatero pitani pa Review, dinani Protect Sheet, lembani pasiwedi kawiri monga ikufunsira. Tsopano wina akayesa kulemba mu E7, Excel imakana n'kumuuza kuti kabokosiko n'kotetezedwa. Batani la Tab nalo limayamba kudumpha malo okiyidwa, limangoyenda m'timabokosi totsekula, ndiye kulemba kumafulumira.

Ngati tsamba lanu ndi lakale, mafomula ali mbwee paliponse, yambirani kumbali inayo. Sankhani tsamba lonse, chotsani Locked, kenako pa Home mudine Find & Select, musankhe Formulas. Excel idzasankha yokha timabokosi tonse tokhala ndi fomula, ndipo inu mudzabwezeretse Locked pa timeneto. Njirayi ndi yachangu, koma ili ndi mpata wake: mitu ya makolamu, mayina a katundu ndi mitengo si mafomula, choncho zimatsala zotsekula mpaka mutazikiya pamanja. Fomula imene inafufutika kale nayonso siisankhidwa, popeza tsopano ndi nambala wamba.

Kukiya kokha sikuthetsa vuto la kalaliki uja. Iye anali ndi chifukwa chomveka cholembera 23, ndipo mukangomutsekera E7 osamupatsa malo ena, adzapeza njira ina yofikitsira nambalayo: adzakweza zogulitsidwa kuchoka pa 35 kufika pa 37 kuti masamu agwirizane. Apa zinthu zaipiraipira, chifukwa ngati paketi ndi K3,000, kolamu G ikuonetsa K6,000 imene sinalowe m'kabati. Chofunika n'kuwonjezera kolamu H, yotsekula, ya zimene zawerengedwa pa shelefu, ndi kolamu I, yokiyidwa, yoonetsa kusiyana kwake:

```
=H7-E7
```

Tsopano 23 ali ndi kwawo, 25 sanakhudzidwe, ndipo I7 ikuonetsa -2 tsiku lomwelo, anthu akadakumbukira kuti mwina mapaketi awiri anang'ambika kapena anatengedwa pangongole. Ine ndimaona kuti mfundo imeneyi ndi imene imasiyanitsa tsamba limene limakhalitsa ndi limene anthu amalithawa n'kuyamba kulemba m'kope. Musanakiye, khalani ndi anthu amene amalembamo, muwafunse zimene amakumana nazo tsiku ndi tsiku zomwe zilibe malo pa tsambalo.

M'timabokosi totsekula munthu angathe kulembamo chilichonse, ndipo fomula yokiyidwa imangolandira zimene yapatsidwa. Wina akalemba "35 mapaketi" mu D7, kapena akaika chilembo O m'malo mwa ziro, E7 ndi G7 zimaonetsa #VALUE!, ndipo chiwonkhetso cha ndalama zonse chimatengera cholakwacho. Chotchinga chake ndi Data Validation, imene ili pansi pa Data: pa Allow sankhani Whole number, muike kuti nambala isachepere 0. Muikonze tsamba lisanatetezedwe, chifukwa likatetezedwa batanilo silidinika. Dziwaninso kuti imagwira zolemba pa kiyibodi zokha. Zimene munthu wakopera kwina n'kuzimata zimadutsa osafunsidwa.

Pali ngozi ina imene ambiri saidziwa, ndipo imadutsa ngakhale pa tsamba lotetezedwa. Kalaliki walemba 35 pa mzere wa shuga pomwe inali ya mchere, mzere 8. Pofuna kukonza, akudula ndi Ctrl+X n'kukamata mu D8. Excel ikaona kabokosi kasamutsidwa, mafomula onse amene amakadalira amakatsatira. Fomula ya mu E7 tsopano ikuwerenga D8, ndipo ya mu E8, imene malo ake alowedwa, ikuonetsa #REF!. Mafomula anayi okiyidwa, kuphatikizapo a mu G7 ndi G8, awonongeka popanda munthu kuwakhudza. Kukoka kabokosi ndi mausi kumachitanso chimodzimodzi. Akazindikira pomwepo, Ctrl+Z imabweza zinthu m'malo mwake. Akasunga fayilo n'kuitseka, pafunika wokhala ndi pasiwedi kuti adzalembenso mafomulawo. Apa palibe batani lothandiza pa Protect Sheet, m'pofunika kungogwirizana ndi makalaliki kuti akalakwitsa azifufuta ndi Delete n'kulembanso, asamadule.

Pa bokosi la Protect Sheet pali mndandanda wa zimene mungalole anthu kuchita. Ziwiri zoyamba, Select locked cells ndi Select unlocked cells, zimabwera zochongedwa kale. Ndi bwino kuzisiya choncho, kuti kalaliki azitha kudina pa E7 n'kuona mmene nambala yapezekera. Munthu amakhulupirira masamu amene akuwaona. Format columns ndi yothandiza, popeza nambala ikakula kuposa kolamu pamaoneka ##### ndipo popanda chilolezochi sangaikulitse. Sort imakhumudwitsa ambiri: ngakhale mutaichonga, Excel imakana kusanja mizere imene muli kabokosi kokiyidwa. Nkhani ya mizere yatsopano ndi yofunikanso kuiganizira pasadakhale. Ngati zinthu zanu zili mu Table, dziwani kuti siikula yokha tsamba likatetezedwa. N'chifukwa chake pa chitsanzo chathu mafomula afika mpaka mzere 104 ngakhale katundu atakhala 60 yekha, ndipo kolamu A ya mizere yopanda kanthu mungaisiye yotsekula kuti katundu watsopano alembedwe. Chiwonkhetso chiikeni pamwamba, monga mu G2, kuti chisatsekereze mizere ya pansi.

Protect Sheet imateteza tsamba limodzi lokha, lomwe mwatsekulalo. Fayilo ya masamba asanu imafunika kutero kasanu. Komanso siiletsa munthu kufufuta tsamba lathunthu kapena kulisintha dzina. Chimenecho chimaletsedwa ndi Protect Workbook, imene ili pomwepo pa Review, mukachonga Structure. Amene amagwiritsa ntchito Google Sheets adzapeza zofanana ndi zimenezi pa Data, pa Protect sheets and ranges, kungoti kumeneko chilolezo chimaperekedwa kwa munthu aliyense malinga ndi akaunti yake.

Pasiwedi ya Protect Sheet musaidalire pobisa chinsinsi. Ntchito yake n'kuletsa ngozi, ndipo munthu wodziwa bwino makompyuta angathe kuichotsa. Kolamu ya malipiro a antchito, ngakhale mutaibisa, siyenera kukhala m'fayilo imene aliyense amatsekula. Iikeni m'fayilo yakeyake, yotsekedwa ndi Encrypt with Password, imene imapezeka pa File, Info, Protect Workbook. Pasiwedi imasiyanitsa zilembo zazikulu ndi zazing'ono, ndipo mukaiwala, a Microsoft sangakubwezereni. Ilembedwe penapake posungika, ndipo aidziwe anthu awiri, kuti mmodzi akadwala kapena akasiya ntchito mitengo isakanike kusinthidwa. Tsiku losintha mitengo ndi pamenenso chitetezo chimatayika kawirikawiri: mwini sitolo amadina Unprotect Sheet, amakonza mitengo, amasunga fayilo, n'kuiwala kukiyanso. Musanabweze fayilo kwa makalaliki yang'anani pa Review. Ngati batani likuti Unprotect Sheet, tsamba ndi lokiyidwa. Ngati likuti Protect Sheet, lili pululu, ndipo E7 ikhoza kulembedwanso.