Kugawa ndi n kapena n−1: yankho la mphunzitsi pa miyeso ya ana a ku Nchenachena

Wophunzira wina wa zaumoyo, ali pa maphunziro a kumudzi ku Nchenachena m'boma la Rumphi, anayeza ana asanu ndi tepi ya MUAC, ija yoyezera kukula kwa mkono. Anapeza masentimita 12, 13, 14, 15 ndi 16. Powerengera sitandadi diviyeshoni, yomwe imaonetsa mmene miyeso yamwazikira kuchokera pa avereji, iye anapeza 1.41 pomwe mnzake anapeza 1.58. Analembera mphunzitsi wawo imelo kufunsa yemwe walakwitsa.

Mphunzitsiyo anayankha kuti masamu onse awiri ali bwino, koma akuyankha mafunso osiyana. Avereji ndi 14, ndipo ana asiyana nayo ndi −2, −1, 0, 1 ndi 2. Nambala iliyonse mukaichulukitsa ndi iyo yomwe n'kuphatikiza zonse, mupeza 10. Kugawa 10 ndi 5, yemwe ndi n, kumapereka 2, ndipo sikweya ruti yake ndi 1.41. Kugawa ndi 4, yemwe ndi n−1, kumapereka 2.5, ndipo sikweya ruti yake ndi 1.58.

Tsono chofunika n'kudziwa amene lipoti likuwanena. Ngati likunena za ana asanu okhawo, mwachitsanzo onse amene anabwera kusikelo tsiku limenelo, ndiye kuti palibe wotsala, ndipo mumagawa ndi n. Koma ngati asanuwo ndi sampulo yoimira ana onse a m'deralo, mumagawa ndi n−1.

Chifukwa chake chagona pa avereji ija. Nambala 14 yachokera mwa ana omwewo, choncho yakhala pakati penipeni pawo, pafupi nawo kuposa mmene avereji yeniyeni ya dera lonse ingakhalire. Tiyerekeze kuti avereji yeniyeniyo ndi 13.5. Mukayeza kusiyana kuchokera pamenepo, zophatikiza zija zimakwana 11.25, osati 10. Nambala ina iliyonse yosakhala 14 ipereka zoposa 10. Motero sampulo imakonda kuchepetsa kumwazikana, ndipo kugawa ndi nambala yocheperako kumabwezeretsa chotayikacho. Komanso nambala zisanu za kusiyana zija zikaphatikizidwa zimapereka 0 nthawi zonse, ndiye mukadziwa zinayi, yachisanu yadziwika kale. Zonena zatsopano ndi zinayi zokha.

Pa ana asanu, mayankho awiriwa asiyana pafupifupi 12 peresenti. Pa ana 100 sasiyana n'komwe, pafupifupi theka la peresenti imodzi. Vutoli limavulaza kwambiri makafukufuku ang'onoang'ono, omwenso ndi amene ophunzira ndi alangizi a zaumoyo amachita kawirikawiri.

Mphunzitsiyo anachenjezanso za makina. Mu Excel, `STDEV.P` imagawa ndi n pomwe `STDEV.S` imagawa ndi n−1, ndipo makakyuleta ambiri amaonetsa mayankho onse awiri moyandikana. Anthu awiri akasiyana mayankho pa nambala zomwezo, locheperalo nthawi zambiri limakhala la n.

Cholinga cha wophunzirayo chinali kunena za ana a m'midzi yonse imene ankayendera, choncho anauzidwa kuti alembe 1.58, ndipo atchule m'lipoti kuti anayeza ana asanu okha.