Zimene woyesa amayang'ana mwa mmisiri wa magetsi

Wofuna ntchito ya udalaivala, umakaniki kapena zamagetsi sangofunsidwa mafunso ali khale pampando. Akaonetsa mapepala ake, monga a TEVETA kapena a mayeso aboma a zaumisiri, amatengeredwa kugalimoto, kugalaja kapena pabokosi la mabuleka kuti manja ake aoneke. Kwa mmisiri wa magetsi, chimene chimagwetsa ambiri si kulephera kupeza vuto, koma kugwira waya asanatsimikize kuti mulibe moto.

Mayeso otere kawirikawiri amakhala a chipangizo chimodzi chodziwika. Tinene kuti woyesa waloza giza ya mawati 3000 imene yasiya kutenthetsa madzi, n'kunena kuti, "Tipezereni vuto." Wopupuluma amathamangira sikuludiraiva kuti atsegule chivundikiro, ndipo pamenepo wataya kale mamalikisi ambiri. Wodziwa ntchito amayamba wafunsa kuti vutolo linayamba liti komanso ngati buleka imagwa. Kenako amapita kubokosi, n'kuzimitsa buleka ya gizayo, kuikhoma ndi loko ndi kupachikapo chikwangwani chochenjeza. Kiyi amaika m'thumba mwake, chifukwa munthu wina wapanyumba akhoza kuyatsa buleka asakudziwa kuti kudenga kuli munthu.

Kuzimitsa pakokha si umboni, pakuti zolembedwa pa mabuleka nthawi zina zimakhala zolakwika. N'chifukwa chake mmisiri amayamba wayesa tesita yake pamalo pomwe akudziwa kuti pali moto, kuti aone ngati ikugwira. Akatero amayesa pa gizayo katatu: pakati pa waya wa moto ndi wa nyutirolo, wa moto ndi wa efi, ndiponso wa nyutirolo ndi wa efi. Pomaliza amabwereranso pamalo a moto paja, kuopa kuti mwina tesita yafa mkati mwa ntchito n'kumunamiza. Kasikuludiraiva koyaka kumutu, kamene amisiri ambiri amayenda nako, sikokwanira pa ntchito imeneyi, chifukwa kuwala kwake sikuoneka bwino padzuwa ndipo kakhoza kusayaka moto ulipo.

Kuno kwathu pali msampha wina umene oyesa amakonda kufunsa. Magetsi a ESCOM akathima, waya aliyense amaoneka wakufa, koma moto umabwera osagogoda. Nyumba zambiri zilinso ndi jenereta kapena sola yokhala ndi inveta, zomwe zingabweze moto m'mawaya ngakhale swichi yaikulu ili yozimitsa. Mmisiri wofunsa yekha kuti, "Kodi pano pali gwero lina la magetsi?" amaonetsa kuti wagwirapo ntchito m'nyumba zenizeni.

Akatsimikiza kuti moto mulibe, ndiye nthawi yofufuza vuto, ndipo apa pamafunika kasamu pang'ono. Magetsi a m'nyumba m'Malawi ndi a mavoluti 230, choncho giza ya mawati 3000 imakoka ma ampeya pafupifupi 13, pogawa 3000 ndi 230. Kugawanso 230 ndi 13 kumapereka pafupifupi ma omu 18, ndipo ndiwo mlingo umene chitsulo chotenthetsa madzi chiyenera kuonetsa pa mita chikachotsedwa mawaya. Mita yambiri ikalemba OL, ndiye kuti chitsulocho chaduka mkati. Ikaonetsa 17 kapena 18, chitsulo chili bwino ndipo maso apite ku kachipangizo koyang'anira kutentha kapena ku mawaya omasuka, amene amadziwika ndi kuda kwa pulasitiki ndi fungo lopserera. Woyesa amafuna kuti mmisiri azifotokoza mokweza chimene akuchita, chifukwa wongosintha zipangizo mongoganizira amawonongetsa ndalama za bwana.

Mafunso a chitetezo amabwera pamapeto ndipo mayankho ake ndi achidule. Waya wa moto ndi wabulauni, wa nyutirolo ndi wabuluu, wa efi ndi wobiriwira wa mizere yachikasu. M'nyumba zakale wa moto ndi wofiira ndipo wa nyutirolo ndi wakuda. Moto wobuka chifukwa cha magetsi suthiridwa madzi, umafuna chozimitsira cha ufa kapena cha mpweya. Mnzake akagwidwa ndi nyesi, mmisiri samugwira ndi manja: amazimitsa swichi yaikulu, ndipo ikakhala patali amamukankha ndi thabwa louma. Kenako amaona ngati akupuma, n'kuyamba kumupopa pachifuwa ngati sakupuma, wina akuitana thandizo. Wovulalayo apite kuchipatala ngakhale akuoneka bwino, chifukwa nyesi imatha kusokoneza kagundidwe ka mtima.

Funso lovuta kwambiri limakhala la bwana wokakamiza kuti ntchito igwiridwe moto uli momwemo chifukwa nthawi yatha. Yankho loyenera ndi kukana mwaulemu n'kupempha mphindi zochepa zozimitsa. Woyankha kuti angavomere poopa kuchotsedwa ntchito sayenera kulembedwa, ngakhale atapeza vuto la giza msanga kuposa anzake onse.