Kufulumira kusuzumira kumabala wopambana wabodza

Opanga mavidiyo a pa intaneti amakonda kuyesa zithunzi ziwiri zokopera anthu ku vidiyo imodzi. Theka la anthu limaona chithunzi A, theka lina B, kenako amawerenga chomwe chadinidwa kwambiri. Njirayi ilibe vuto. Imaonongeka pamene mwini vidiyo akusuzumira zotsatira pafupipafupi n'kuimitsa mayeso akangoona kuti chimodzi chatsogola.

Tiyerekeze kuti zithunzi zonse ziwiri n'zofanana mphamvu: pa anthu 100 alionse, asanu amadina. Madzulo a tsiku loyamba chilichonse chaonedwa ndi anthu 200, choncho tikuyembekezera anthu 10 mbali iliyonse. Komatu mwayi sugawa mofanana. A akhoza kupeza 14, B n'kupeza 7, popanda chifukwa china chilichonse. Mwini vidiyo amaona ngati A wamenya mnzake kawiri, amachotsa B, ndipo kuyambira pamenepo amakhulupirira kuti wadziwa chomwe owonera ake amakonda. Akanadikira kuti anthu afike zikwi zingapo, kusiyanako kukanazimiririka.

Choopsa chenicheni chili pa kubwereza. Lamulo lomwe owerengera ambiri amatsata limalola kuti pa mayeso 100 a zinthu zofanana, asanu atulutse wopambana wabodza. Koma lamuloli limagwira ngati mwayang'ana kamodzi kokha, pamapeto. Mu 1969, Armitage, McPherson ndi Rowe anasonyeza kuti mukayang'ana kasanu, muli wokonzeka kuima paliponse pomwe kusiyana kwaoneka kokwanira, opambana abodza amafika pafupifupi 14 pa 100. Mukayang'ana kakhumi amafika 19. Manambala amakwera ndi kutsika mayeso ali mkati, ndipo kusuzumira kulikonse ndi mpata wina woti muwapeze atakwera. Zili ngati woimbira mpira amene amaliza pinto yothetsa masewero timu ina ikangogoletsa.

Mavidiyo ali ndi msampha winanso. Oyamba kuonera nthawi zambiri amakhala okutsatirani kale, omwe amadina chifukwa amakudziwani. Alendo amabwera pambuyo, ndipo chowakopa chingakhale china. Owonera a Lolemba m'mawa si omwewo a Loweruka usiku. N'chifukwa chake sindikhulupirira mayeso osakwana sabata yathunthu. Ngakhale chida cha YouTube chotchedwa Test & Compare chimatha kutenga masabata awiri, ndipo chimayang'ana nthawi yomwe anthu aonera, osati kudina kokha.

Chiwerengero cha anthu chisankhidwe mayeso asanayambe, ndipo chilembedwe. Kuti musiyanitse chithunzi chodinidwa ndi anthu 5 pa 100 ndi china chodinidwa ndi 6, pamafunika anthu pafupifupi 8,000 mbali iliyonse. Ngati simungathe kudikira, pali njira zowerengera zololeza kuyang'ana mkatikati, zochokera ku ntchito ya Abraham Wald ya nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Njirazi zimafuna kusiyana kwakukulu zedi kuti muime msanga, ndipo 14 ndi 7 sangakwane.