Mitundu Itatu ndi Mafonti Awiri pa Botolo la Chiponde

Tiyerekeze mayi wa ku Mchinji amene amapera chiponde n'kumagulitsa m'magolosale a ku Lilongwe. Mpamba wake wathera ku mtedza, mabotolo ndi thiransipoti, ndipo yatsala ndi yosindikizira malebulo basi. Ambiri akafika apa amatsegula Canva pa foni n'kuyamba kusankha mitundu yowasangalatsa m'maso. Ine ndimati ayambe aika botolo lodzaza patebulo, chifukwa mitundu iwiri yasankhika kale iye asanafunsidwe: chiponde ndi chabulauni, ndipo chitsekerero chili ndi mtundu umene anaupeza kwa wogulitsa mabotolo, tinene chofiira.

Chomwe chatsala n'chochepa. Lebulo ifunika mtundu wa pansi, mtundu wa zolemba, ndi umodzi wokopa maso. Wa pansi ukhale woyera wa pepala lenilenilo. Kupaka pepala lonse mtundu kumamwa inki yambiri, komanso sizasi ikaphonya pang'ono podula, mzere woyera umaonekera m'mbali. Zolemba zikhale zabulauni woderapo kwambiri, wapafupi ndi wakuda, ndipo wofiira uja, wofanana ndi chitsekerero, ungokhala pa dzina la malonda ndi kamzere kamodzi. Wogula akaona patali botolo, chitsekerero ndi lebulo zikugwirizana, amaona ngati katundu wa kampani yokhazikika, pomwe palibe tambala yoonjezera yomwe yalowapo.

Mtundu uliwonse uli ndi nambala yake, ndipo mayiyu ailembe m'kope momwe amalemba ngongole. Wabulauni uja akhoza kukhala #3B2314, wofiira #C62828. Popanda manambalawa, wopanga chikwangwani adzasankha wofiira wake, wosindikiza malebulo wakenso, ndipo pakutha chaka malonda amodzi adzaoneka ngati a anthu atatu.

Pamene ambiri amaluza ndalama ndi apa. Sikirini ya foni imapanga mitundu ndi kuwala, njira yotchedwa RGB, pamene makina osindikizira amasakaniza inki zinayi, zomwe ndi CMYK. Mitundu ina yowala kwambiri, makamaka wobiriwira wonyezimira ndi wabuluu wothwanima, inki siingaifikire, ndipo papepala imatuluka yozilala. Choncho asanalipire mapepala ambiri, asindikize limodzi lokha, adule lebulo, aimate pa botolo n'kukaiona panja masana komanso m'kagolosale ka mdima. Adontheze madzi ndi mafuta a chiponde pa leboloyo. Inki ya makina a `inkjet` kawirikawiri imasungunuka ikanyowa, pomwe ya `laser` imapirira. Kenako apite nayo pa fotokope yakuda ndi yoyera. Dzina likasowa pa fotokopeyo, ndiye kuti mitunduyo ndi yoyandikana mphamvu, ndipo munthu wa maso ofooka sadzaliwerenga. Zolemba zachikasu pa pepala loyera zimagwa mayeso amenewa nthawi zonse, ngakhale pa foni zimaoneka zokongola.

Mitundu yochepa idzamuthandizanso tsiku lomwe adzafune matisheti kapena maepuloni, poti osindikiza pa nsalu ndi sefa amawerengera mtengo pa mtundu uliwonse.

Tibwere ku kalembedwe ka zilembo, komwe a makompyuta amati fonti. Awiri akwana: wonenepa wa dzina, ndi wosavuta wa mawu ang'onoang'ono. Pa Google Fonts amapezeka aulere, ololedwa kugwiritsa ntchito pa malonda. Dzina likhoza kulembedwa ndi Alfa Slab One, yomwe zilembo zake ndi zojintcha zooneka patali, ndipo zosakaniza, kulemera kwake, tsiku lopangira ndi lothera ntchito zilembedwe ndi Open Sans. Awiriwa amayenderana chifukwa ndi osiyana kotheratu. Mafonti awiri ofanana pang'ono amaoneka ngati wina analakwitsa. Zilembo zopotanapotana ngati za pa khadi la ukwati ndimazikana pa chakudya, chifukwa zikachepa zimamatana, ndipo tsiku lothera ntchito ndi chinthu chimene wogula komanso a Malawi Bureau of Standards ayenera kuliwerenga mosavutika. Mawu ang'onoang'onowo asatsike pa saizi 7.

Pali chinanso chokhudza ife olemba Chichewa. Si fonti iliyonse ili ndi chilembo cha ŵ. Ngati pa lebulo pali "Malaŵi", alembe mawuwo mu fonti yomwe wasankha n'kuyang'anitsitsa. Pakatuluka kabokosi, kapena chilembocho chikaoneka chosiyana ndi zinzake, asinthe fonti kapena alembe w wamba pa malebulo onse.

Popita kosindikiza atenge fayilo ya PDF, osati ya Word kapena chithunzi chodutsa pa WhatsApp. Word imasintha zilembo ikapeza kuti kompyuta ya pa shopu ilibe fonti yake, ndipo WhatsApp imafinya chithunzi mpaka mawu ang'onoang'ono amachita chimbuuzi. Ngati palibe kuchitira mwina, PDF yomweyo aitumize pa WhatsApp ngati `Document`, imafika momwe inalili.