Kuchotsera kwa opikula ndi kwa olipira msanga: zinthu ziwiri zosiyana m'mabuku

Wopikulitsa katundu akanena kuti “ndikuchotserani”, funsani kuti akukuchotserani chifukwa chiyani. Pa malonda pali kuchotsera kwa mitundu iwiri. Kwina kumabwera chifukwa mwagula zambiri kapena ndinu wokagulitsanso. Kwina kumabwera pokhapokha mukabweza ngongole tsiku lisanakwane. Kusokoneza ziwirizi ndi kumene kumabweretsa ngongole zosadziwika mutu wake m'mabuku.

Tiyerekeze kuti mayi wina wa golosale ku Zomba waoda shuga ndi sopo pa ngongole kwa wopikulitsa wa ku Limbe. Za msonkho tiziike pambali. Pa mtengo wa aliyense, katunduyo ndi wa K1,000,000, koma poti mayiyu ndi wopikula, amuchotsera 10 peresenti. Invoisi ikusonyeza kuti ayenera kulipira K900,000.

K100,000 yachotsedwayo silowa mu akaunti iliyonse. Wogulitsa alemba kuti wagulitsa katundu wa K900,000, wogula alembanso kuti wagula wa K900,000. Mtengo umene awiriwa agwirizana ndi womwewo, ndipo palibe tsiku limene mayiyu anakhalapo ndi ngongole ya K1,000,000.

Nkhani yaikulu ili m'munsi mwa invoisi, pamene palembedwa `2/10, n/30`. Tanthauzo lake ndi lakuti ngongole yonse ibwezedwe m'masiku 30, koma wolipira m'masiku 10 achotseredwa 2 peresenti. Pa tsiku logula palibe akudziwa ngati mayiyu adzakwanitsa, nchifukwa chake kalembedwe kakale, kamene mabizinesi ang'onoang'ono ambiri amatsatira, kamayamba ndi ngongole yonse ya K900,000.

Mayiyu walipira pa tsiku lachisanu ndi chitatu. Awerengera 2 peresenti pa K900,000, apeza K18,000, ndipo atumiza K882,000. Apa ambiri amaphonya powerengera pa mtengo woyamba uja. Amapeza K20,000, n'kupereka ndalama yoperewera ndi K2,000.

Kwa wogulitsa, ndalama yalowa ndi K882,000, ndiye alemba debiti ku akaunti ya banki. K18,000 ailemba debiti ku akaunti ya disikaunti yoperekedwa, imene m'mapulogalamu a pa kompyuta imaoneka ngati `Discount allowed`. Imeneyi imachepetsa phindu lake. Kenako alemba kirediti ya K900,000 yonse ku akaunti ya kasitomala, ngongole n'kutha.

Kwa mayi wa ku Zomba zinthu zimatembenuka. Alemba debiti ya K900,000 ku akaunti ya wopikulitsa, kirediti ya K882,000 ku banki, ndi kirediti ya K18,000 ku disikaunti yolandiridwa, `Discount received`, imene imaonjezera phindu lake. Amene amasunga buku la ndalama la mizere itatu mbali iliyonse akumbukire kuti mizere ya disikaunti siichotserana. Uliwonse umaphatikizidwa paokha n'kupita ku akaunti yake.

Cholakwika chimene chimandidandaulitsa ndi cha kalaliki wolemba ndalama yalowa yokha, n'kuiwala K18,000 ija. Mwezi ukatha, sitetimenti imapita ku Zomba ikusonyeza kuti mayiyu akadali ndi ngongole, chikhalirecho analipira pa nthawi yake. Mukaona ngongole yotsala ikufanana ndendende ndi 2 peresenti ya invoisi inayake, yambani mwafufuza tsiku limene ndalama inalowa musanaimbire kasitomala foni. Ngati inalowa masiku 10 atadutsa, ngongoleyo ndi yeniyeni, pokhapokha wogulitsa atasankha kuikhululukira.

Makampani otsatira malamulo a padziko lonse a kalembedwe ka zachuma amachita mosiyanako. Kuyambira mu 2018, lamulo la IFRS 15 limafuna kuti wogulitsa aunikiretu ngati kasitomala adzalipira msanga. Ngati mayiyu amalipira msanga nthawi zonse, malonda amalembedwa pa K882,000 kuchokera pa tsiku logulitsa. Akachedwa, K18,000 imaonjezeredwa ku malonda. Kwa wogula, lamulo la IAS 2 limati zochotseredwa zichepetse mtengo wa katundu amene wagula.

Kodi 2 peresenti ndi yoti munthu n'kuithamangira? Mayiyu akailekerera, ndiye kuti walipira K18,000 kuti asunge K882,000 kwa masiku 20 okha. Mukachiwerengera pa chaka chathunthu, chiwongoladzanja chake chimafika pafupifupi 37 peresenti. Wogula amene ndalama ali nayo m'manja asachedwe kulipira. Wogulitsa nayenso adziwe kuti ndalama yobwera msangayo akuigula pa mtengo womwewo, choncho asanalembe mawu amenewa pa invoisi, ayerekeze kaye ndi chiwongoladzanja chimene banki yake ingamulipiritse.