Vinyo Wouma Amamwedwa Bwanji?

Pa bala ina ya m'mbali mwa nyanja ku Mangochi ndinapatsidwa pepala la zakumwa lolembedwa m'Chingerezi ndi m'Chichewa. Pa mzere wachitatu panali "vinyo woyera wouma". Bambo amene ndinakhala nawo tebulo limodzi anaitana woperekera zakumwa n'kumufunsa kuti, "Achimwene, woumayu mumatipatsa ndi supuni?"

Womasulirayo anatsata liwu la Chingerezi lakuti "dirayi", limene kuchapa zovala limatanthauzadi kuuma. Pa vinyo nkhani yake ndi shuga. Mphesa zikamasasa, yisiti imadya shuga wa m'madzi ake n'kumusandutsa mowa. Ikadya pafupifupi yense, vinyoyo ndiye "dirayi", ndipo malamulo a ku Ulaya amati shuga wotsalayo asapose magalamu 4 pa lita, kapena 9 ngati vinyoyo ndi wowawasa ndithu. Chichewa chake n'chapafupi: vinyo wosatsekemera. Osati "wosakoma", chifukwa ameneyo sagulidwa ndi munthu.

Vinyo wa thovu ndiye ali ndi msampha. "Buruti" amakhala ndi shuga wosafika magalamu 12 pa lita, pamene "ekisitira dirayi" amakhala ndi 12 mpaka 17. Wotsata mawu adzalemba kuti wachiwiriyu ndi wosatsekemera n'komwe, chonsecho ndiye wotsekemererapo pa awiriwo.

Liwu limene limandisowetsa mtendere ndi "kuwawa". Kwathu mankhwala amawawa, tsabola amawawa, ndipo masese akapsa bwino timati mowa wawawa, kutanthauza kuti uli ndi mphamvu. Mukalemba kuti jini wothira toniki ndi "wowawa", wina aganiza kuti agwa ndi tambula imodzi. Komatu kuwawa kwa toniki n'kwa kwinini, yemwe uja amene ambiri tinamumwapo tikudwala malungo. Lembani kuti "wowawa pang'ono ngati kwinini", mphamvu yake muionetse padera ndi nambala ya pa botolo. Vinyo wofiira amene amagwira nkhama sawawa ndipo sawawasa. Amaumitsa m'kamwa ngati nthochi yosapsa, ndipo mawu amenewa aliyense amawamva.

Nanga zipatso zachilendo zimene amatchula? Pepala likanena za mapichesi kapena vanila, silikunena kuti anathiramo zimenezo, likungofotokoza fungo. "Muli mapichesi" ndi bodza limene lingabweze munthu amene thupi lake limadana ndi chipatsocho. "Kafungo kake kamakumbutsa mapichesi" ndiye zoona. Chipatso chikakhala chosadziwika kuno, ine sindiona cholakwa kutchula bwemba kapena malambe, bola womasulirayo alawe kaye. Kuwawasa kwa bwemba n'kwakuthwa, kwa malambe n'kofatsa, ndipo ukasinthanitsa wanamiza kasitomala.

Bambo aja anauzidwa kuti vinyoyo alibe shuga wambiri. Anati ndi yemweyo amene amafuna, n'kuitanitsa botolo.